Chisanu cha sabata imodzi ndi nkhani ya kutentha kwa dziko

"Ine ndine mlimi wa ku Bembeke, m'boma la Dedza. Mwezi wa Juni uno kunazizira sabata yathunthu moti madzi osamba m'mawa ankachita ngati akudula zala, ndipo tomato wanga wa kudimba anawauka ndi chisanu. Koma mwana wanga wa ku sekondale amangoti dziko likutentha, pa wailesi nawonso akuti dziko likutentha. Likutentha kuti, ife tikugona ndi mabulangete atatu? Kodi si zongotinamiza izi?"

Bambo, pepani kwambiri ndi tomato wanu. Ndikudziwa kuti dimba la nyengo yozizira ndi limene limabweretsa ndalama ya feteleza ndi ya sukulu, ndiye kuliona litada usiku umodzi wokha zimapweteka mtima. Musadzione ngati mwafunsa zopanda nzeru. Khungu lanu silinakunamizeni, kunaziziradi. Mwana wanunso sanakunamizeni. Nonse awiri mukunena zoona, koma mukunena zinthu ziwiri zosiyana zimene Chichewa chathu chimazitchula ndi liwu limodzi.

Ife timati nyengo tikamanena za mmene kwachera lero. Timatinso nyengo tikamanena za dzinja ndi chilimwe, ndipo timatinso nyengo tikamanena kuti ku Nsanje n'kotentha, ku Dedza n'kozizira. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yoyeza ndi kulemba zanyengo, ndaona kuti mikangano yambiri ya pa nkhaniyi imayambira pomwepa. Choncho ndiloleni ndizipatse mayina osiyana. Choyamba ndichitcha nyengo ya tsiku: kuzizira kwa m'mawa uno, mvula ya dzulo, mwera wa sabata ino panyanja. Imasintha pa maola kapena pa masiku ochepa. Chachiwiri ndichitcha chikhalidwe cha nyengo: zimene dera limazolowera mukaphatikiza zaka zambiri. Munthu wa ku Bembeke akamagula juzi mu Epulo asanamve kuzizira kulikonse, akutsata chikhalidwe cha nyengo. Akamasankha kuivala kapena kuisiya m'mawa wa Lachitatu, akutsata nyengo ya tsiku.

Inu monga mlimi kusiyana kumeneku mumakudziwa kale pa mtengo wa chimanga. Mwezi wa Meyi, anthu akamakolola, thumba limatsika mtengo. Mwina sabata ina pa msika mavenda achepa, mtengo watsikanso. Kodi alipo amene angaime pa msika tsiku limenelo n'kunena kuti nkhani yoti zinthu zikukwera mtengo ndi yabodza? Mungamuuze kuti akumbukire mtengo wa thumba mu Meyi zaka 10 zapitazo, ndi zaka 20 zapitazo. Mtengo umakwera ndi kutsika m'kati mwa chaka, koma mukayerekeza Meyi ndi Meyi kwa zaka zambiri mumaona kumene ukulowera. Kutentha kwa dziko kumayezedwa chimodzimodzi.

Ndikufotokozereni mmene timayezera, chifukwa pamenepa ndi pamene munthu amatha kukhulupirira kapena kukana ali ndi chifukwa. Pa malo oyezera nyengo, monga ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku Chileka kapena ku Ngabu, pamakhala kabokosi ka matabwa kopakidwa penti yoyera, ka mipata m'mbali kuti mphepo izidutsa koma dzuwa lisalowe. Kamaimikidwa pa udzu, kupitirira pang'ono mita imodzi kuchokera pansi, kutali ndi khoma ndi mitengo. M'katimo mumakhala zoyezera kutentha ziwiri: china chimasunga pamene panafika kutentha kwambiri masana, china chimasunga pamene panafika kuzizira kwambiri usiku. Woyeza amapita m'mawa uliwonse nthawi yofanana, kaya kukugwa mvula kaya ndi tsiku la Khirisimasi, amawerenga ndi kulemba m'kaundula. Akaphatikiza manambala awiriwo n'kugawa pakati, amapeza kutentha kwa tsikulo. Masiku a mwezi wonse amapereka nambala ya mwezi, miyezi 12 imapereka nambala ya chaka. Ndipo kuti tinene kuti dera ili chikhalidwe chake ndi chakuti, bungwe loona zanyengo pa dziko lonse linakhazikitsa kuti tiphatikize zaka 30. Panopa muyezo umene tikuyerekezera ndi wa 1991 mpaka 2020. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yathuyi ndi yotero: zaka 30 ndi masiku oposa 10,900, ndipo sabata yanu ija ndi masiku 7 mwa amenewo.

Tiyeni tiiwerengere sabata imeneyo. Tiyerekeze kuti masiku onse 7 anazizira ndi madigiri 5 kuposa mmene kumakhalira mu Juni. Kumeneko ndi kuzizira kwenikweni, kokwanira kuwaula tomato kudambo. Masiku 7 kuchulukitsa ndi madigiri 5 tipeza 35. Tsopano 35 ameneyu tiyenera kumugawira masiku onse 365 a chaka, ndipo zotsatira zake ndi pafupifupi 0.1. Ndiye kuti sabata imene inakugonetsani ndi mabulangete atatu yatsitsa nambala ya chaka chonse ya ku Bembeke ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 10 a digiri. Tsopano tiyerekeze kuti Okutobala akubwerayu atentha ndi digiri imodzi ndi theka kuposa mmene amakhalira. Kutentha kotero simungakudandaule kwambiri, mungangoti chilimwe chafika. Koma masiku 31 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 46.5, kuposa 35 uja. Mwezi umene simunaulabadire wafafaniza sabata imene simudzaiiwala. Thupi la munthu limakumbukira zobaya, kaundula amawerenga tsiku lililonse mofanana.

Pali chinanso. Mawu akuti dziko m'nkhaniyi sakunena Dedza, sakunenanso Malawi yekha. Akunena dziko lonse lapansi, mtunda ndi nyanja zomwe. Malawi yense, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndi kachigawo kamodzi mwa magawo oposa 4,000 a nkhope ya dziko lapansi. Pamene inu mumanjenjemera mu Juni, ku India, ku Ulaya ndi ku Amereka kumakhala chilimwe. Nkhani imene ndimakonda kuuza anthu ndi ya Julaye 2023. Pa 10 Julaye chaka chimenecho ku Joni kunagwa chipale chofewa, chinthu chimene chinali chisanachitike mumzindawo kuyambira 2012. Abale athu ambiri amene ali kumeneko anatumiza zithunzi pa foni, ena atanyamula chipalecho m'manja, ndipo ndinamva anthu angapo akunena mawu ofanana ndi anuwa. Mwezi utatha, manambala a dziko lonse ataphatikizidwa, Julaye 2023 yemweyo anapezeka kuti ndi mwezi wotentha kuposa mwezi wina uliwonse umene unali utalembedwapo kufikira nthawi imeneyo. Chipale cha ku Joni chinali chenicheni, ndipo chinawerengedwa nawo m'manambalawo. Kungoti kutentha kwa madera ena onse kunachiposa kutali.

Nanga kuzizira kwanuko kunachokera kuti? Pakati pa Meyi ndi Ogasiti, dzuwa limakhala litapendekera kumpoto, masana amafupika pang'ono. Nthawi ndi nthawi mpweya wozizira wochokera kunyanja za kumwera kwenikweni umazungulira kumunsi kwa dziko la South Africa, n'kulowa m'nyanja ya India, kenaka n'kukankhidwira kwathu kudzera ku Mozambiki. Ukafika uli ndi chinyontho umabweretsa mitambo yotsika ndi mvula yowaza ija timaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperoni la ku Mozambiki, mbali imene mphepoyo imadzera. Panyanja yathu mphepo yomweyo ndi mwera umene asodzi amauopa. Mphepo yotere siichotsa kutentha pa dziko. Imangosuntha mpweya wozizira kuchoka kumene unali kubwera kwa ife, ndipo kwinakwake mpweya wofunda nawonso umasunthira kumene kunali kozizira. Zili ngati kusamutsa chimanga kuchoka m'nkhokwe ina kupita m'nkhokwe ina: pakhomopo chimanga sichinachepe.

Tomato wanu, ndikukhulupirira, sanawauke pa masiku a mitambo. Kawirikawiri chisanu chowononga chimabwera chiperoni chikangodutsa, usiku umene kumwamba kwayera nyenyezi zili mbuu, mphepo yaleka. Mitambo imakhala ngati chofunda. Ikachoka, nthaka imataya kutentha kwake msanga, mpweya wozizira umalemera n'kutsetsereka m'mapiri kukadikha kudambo, kumene kuli madimba. N'chifukwa chake mumapeza kuti mnzanu wolima pamtunda pang'ono wapulumuka, inu wa m'mphepete mwa mtsinje mwapsa. Onjezeranipo kukwera kwa dera lanu. Mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono pa kilomita iliyonse imene mwakwera, ndipo Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pamene chigwa cha Shire chili pafupi ndi mulingo wa nyanja yaikulu. Kusiyana kwa Dedza ndi Nsanje pa chifukwa chokhachi ndi madigiri pafupifupi 10. Kutentha kwa dziko kumene kwachitika mpaka pano ndi digiri imodzi ndi kanthu. Digiri imodzi singasandutse Bembeke kukhala Bangula. Chisanu chidzabwerabe kwanu chaka chamawa ndi zaka zambiri zikubwerazi, ndipo palibe katswiri woona amene ananenapo kuti chidzatheratu.

Zimene akatswiri akunena ndi izi. Mpweya wina wotchedwa kaboni dayokisaidi, umene umatuluka tikamawotcha malasha a pansi, petulo, dizilo ndi nkhalango, umagwira kutentha kumene kukanathawira kumwamba. Mafakitale asanayambe, mwa timagawo 1,000,000 ta mpweya, kaboni dayokisaidi anali timagawo pafupifupi 280. Mu 1958, pamene Charles Keeling anayamba kuuyeza mosalekeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, unali pafupifupi 315. Lero wadutsa 420. Zotsatira zake zikuoneka m'kaundula: zaka 10 za 2015 mpaka 2024 zonse zinali zotentha kuposa chaka china chilichonse cham'mbuyo kuyambira 1850, ndipo 2024 inaposa zonsezo, ndi madigiri pafupifupi 1.55 pamwamba pa mmene kunalili pakati pa 1850 ndi 1900. Kuno kwathu, kafukufuku wa manambala a m'dziko muno anapeza kuti pakati pa 1960 ndi 2006 kutentha kunakwera ndi madigiri pafupifupi 0.9, masiku ndi usiku wotentha zinachuluka, usiku wozizira unachepa. Taonani mawuwo: unachepa, sunathe.

Mwina mukuti, digiri imodzi yokha ndiye phokoso lonseli? Pakati pa m'mawa ndi masana a tsiku limodzi pamasiyana madigiri oposa 10 ndipo palibe amene amafa nazo. Zoona. Koma digiri imodzi ya chikhalidwe cha nyengo ndi digiri yowonjezera pa tsiku lililonse, chaka ndi chaka. Imaumitsa nthaka msanga mvula ikadula mu Januwale. Imakankhira masiku otentha kale a Okutobala ndi Novembala kufika pamene mbewu ndi ziweto zimavutika. Mpweya wofunda umanyamulanso chinyontho chochuluka, pafupifupi magawo 7 pa 100 pa digiri iliyonse, ndiye mvula ikati igwe imatha kugwa yambiri pa kanthawi kochepa. Ndipo kutentha kochuluka kumene dziko likusunga sikuli mumpweya umene timaumva pakhungu ayi: pafupifupi magawo 90 pa 100 akulowa m'nyanja zikuluzikulu.

Ndiyenera kunena chilungamo mbali zonse, ndipo mwana wanu amve nawo apa. Ngati sabata imodzi yozizira sikutsutsa kutentha kwa dziko, sabata imodzi yotentha nayonso siumboni wake. Ndimamva anthu mu Okutobala akutuluka thukuta m'minibasi n'kumati ndi kusintha kwa nyengo kumeneku. Okutobala wakhala akutentha kuyambira makolo athu. Ngakhale namondwe Freddy, amene anatipweteka kwambiri mu Malichi 2023, payekha sangakhale umboni wonse, pakuti anamondwe analipo kale. Umboni uli m'kuchuluka ndi kukula kwa zinthu zotere pa zaka zambiri. Amene akukana ndi amene akuvomereza, onse akalozera sabata imodzi, akulakwitsa mofanana.

Ngakhale chaka chathunthu chikhoza kusocheretsa. Mu 1991 phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika n'kuponya fumbi ndi mpweya wa sulufule m'mwamba kwambiri, ndipo chaka chotsatira dziko lonse linazizira ndi pafupifupi theka la digiri. Fumbilo litatsika, kutentha kunabwerera pa njira yake. Chaka cha 1998 chinatentha modabwitsa chifukwa cha El Nino wamphamvu, ndiye kwa zaka zingapo zotsatira anthu ena ankati onani, kutentha kwaima. Lero 1998 ndi chaka chozizira mukachiyerekeza ndi chaka chilichonse kuyambira 2015. El Nino ndi La Nina, amene mumawamva pa wailesi akamalosera za mvula ya dzinja, amakweza kapena kutsitsa nambala ya dziko kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, monga mmene nthawi yokolola imatsitsira mtengo wa chimanga.

Kodi n'chiyani chimene chingatsutsedi nkhaniyi? Funso limeneli ndimalilemekeza, chifukwa chiphunzitso chimene sichingatsutsidwe ndi chilichonse si sayansi. Zitati zaka 20 kapena 30 zotsatizana zaonetsa manambala a dziko lonse akutsika, nyanja zikuzizira, madzi oundana a kumapeto a dziko akuchuluka, popanda kuphulika kwa phiri kofotokozera zimenezo, ndiye kuti akatswiri analakwitsa ndipo ayenera kuvomera. Mpaka pano zoyezera za pamtunda, za m'sitima ndi za m'nyanja, ndi za makina ozungulira m'mlengalenga, zoyendetsedwa ndi mayiko osiyanasiyana, zonse zikuloza kumodzi.

Ngati inu ndi mwana wanu mukufuna kudziyezera nokha, ndikulimbikitsani, koma samalani malo. Tsiku lina ndinaitanidwa pa sukulu ina kumene mphunzitsi anali wokondwa kuti ana ake apeza madigiri 44 mu Seputembala, kudera lokwera. Nditafika ndinapeza choyezera chapachikidwa pa msomali, pa khoma la njerwa loyang'ana dzuwa la madzulo, pansi penipeni pa malata. Chimene ankayeza chinali khoma, osati mpweya. Tinachisamutsira pa mthunzi podutsa mphepo, ndipo tsiku lotsatira nambala inatsika kwambiri. Choyezera chikhale pa mthunzi, pamalo amodzi osasuntha, muziwerenga nthawi yofanana, ndipo muzilemba tsiku lililonse, osati tsiku lokhalo limene nyengo yakudabwitsani. Kope lotere silidzakuuzani za dziko lonse, koma pakatha zaka zitatu kapena zinayi lidzakuuzani masabata amene chisanu chimakonda kugwa m'dimba mwanu, ndipo chimenecho ndi chuma.

Chimene ndikuopa kwambiri pa nkhani ngati yanuyi ndi chakuti munthu asankhe zolima potengera sabata imodzi. Wina akati dziko silikutentha n'kusiya kusamala chinyontho m'munda wa chimanga, ng'amba ya pakati pa dzinja idzamupeza. Wina akati dziko likutentha ndiye chisanu chatha, n'kuwokera tomato kudambo kumayambiriro a Juni osakonzekera, adzaona zimene mwaonazi. Mbewu ya chimanga, nthawi yobzala ndi mitengo yoti mudzale sankhani potsata chikhalidwe cha nyengo ndi ulosi wa dzinja umene nthambi ya boma yoona zanyengo imatulutsa mvula isanayambe; mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu angakuthandizeni kuumasulira molingana ndi Bembeke. Koma zoteteza dimba usiku uno zimatsata nyengo ya tsiku. Mukamva pa wailesi kuti chiperoni chikubwera, dikirani madzulo amene mitambo ichoke ndi mphepo kuleka. Tsiku limenelo thirirani masana, pakuti nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma, ndipo mbande ndi mbewu zazing'ono zifundikeni ndi udzu kapena masaka madzulo, n'kuvundukula dzuwa likatuluka. Chaka chamawa, ngati malo alipo, tomato mumuike chakumtunda pang'ono, kudambo kwenikweni muikeko kabichi kapena mpiru, zimene zimapirira chisanu. Mlangizi akayenderenso tomato wowaukayo: ngati masamba ada ndi kufota onse m'mawa umodzi, ndi chisanu, koma ngati mawanga akuda akufalikira tsiku ndi tsiku pambuyo pa mvula yowaza, likhoza kukhala chiwawu, chimene chimafuna mankhwala msanga.

Kunyumba nakonso, sabata yotere mwana wamng'ono kapena agogo akayamba kutsokomola, kupuma mofulumira ndi kutentha thupi, musadikire kuti kufunde, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa chikhoza kukhala chibayo. Ndipo mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka mawindo, ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wake wakupha suoneka ndipo sununkha, umangogonetsa munthu tulo tosadzuka. Othani moto kunja kapena pakhomo potsegula, muutulutse musanagone.